Sabata ya mpira wakuda m'kalasi ya Fomu 3

Anzanga a ku Lilongwe atamva kuti ndikupita ku Mzuzu kukayeza kutentha m'kalasi, anaseka, amvekere kumeneko n'kwa majuzi. Sindinawatsutse, chifukwa Mzuzu ali pamtunda wopitirira mamita 1,200 ndipo mu Juni kumazizira ndithu. Koma ine ndinafika kumapeto kwa Okutobala, mvula isanayambe, pa sukulu ina ya sekondale yomwe buloko yake yatsopano inafoleredwa ndi malata popanda siling'i. Komiti ya sukulu inali ndi kandalama kochepa, ndipo mamembala ankakangana ngati agule mafani kapena ayike siling'i. Ntchito yanga inali yowapatsa nambala zoti akanganirepo bwino.

Lolemba linathera pa kukhazika zida. Njira yomwe ndinagwiritsa ntchito imatchedwa PMV, ndipo anaikonza ndi Povl Ole Fanger wa ku Denmark m'chaka cha 1970. Lero ili mu muyezo wa ISO 7730. Imalosera zomwe gulu lalikulu la anthu linganene litafunsidwa momwe likumvera m'thupi, pa sikelo yochokera pa -3, kuzizira kwambiri, kudutsa pa 0, pomwe munthu sakumva kuzizira kapena kutentha, kukafika pa +3, kutentha kwambiri. Imafuna zinthu zisanu ndi chimodzi. Zinayi ndi za m'chipinda: kutentha kwa mpweya, kutentha kochokera ku denga, makoma ndi pansi, liwiro la mphepo, ndi chinyontho. Ziwiri ndi za munthu: zomwe wavala ndi zomwe akuchita. Wophunzira wokhala pansi n'kumalemba timamuwerengera 1.2 met, muyeso wa kutentha komwe thupi limatulutsa pogwira ntchito, ndipo yunifolomu ya malaya a manja aafupi, thalauza kapena siketi, sokosi ndi nsapato ndinaiyika pa 0.5 clo, muyeso wa kufunda kwa zovala.

Chida chomwe chinaba mitima ya ana ndi mpira wachitsulo wopakidwa utoto wakuda, wa masentimita 15 m'mimba mwake, wokhala ndi choyezera kutentha pakati. Ndinaukhazika pa desiki ya pakati, pa mamita 0.6 kuchokera pansi, chapamimba pa munthu wokhala. Mpirawu suthamanga: umafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti ukhazikike. Pa buleki ana anauzinga, ena kuugwiragwira, mnyamata wina n'kuuzira mpweya, ndipo zonse za ola limenelo ndinazitaya. Aphunzitsi a kalasiyo, mayi osaseka pachabe, anangoti, "Achimwene, musavutike, mawa saukhudzanso." Ndipo sanaukhudzedi.

Lachiwiri nthawi ya 2 koloko masana ndi pomwe panali nkhani yonse ya sabatayi. Mpweya unali pa madigiri 29.0, chinyontho pa maperesenti 40, mphepo ikungoyenda mamita 0.15 pa sekondi ngakhale mawindo a mbali imodzi anali otsegula. Mpira wakuda unali pa 31.5. Kusiyana kwa madigiri awiri ndi theka kumeneku kumaoneka kochepa, koma mpira umakhala ukulandira kutentha kwa malata uku mpweya ukuuziziritsa, choncho zomwe zauzungulira zimakhala zotentha kuposa zomwe ukuonetsa. Nditawerengera ndi fomula ya mu ISO 7726, yomwe imaganizira kukula kwa mpira ndi liwiro la mphepo, kutentha kwa zozungulira kunatuluka 33.2. Liwiro la mphepo nalo limawonjezedwa pang'ono chifukwa munthu wolemba amagwedeza thupi, ndiye 0.15 inakhala 0.21. Madzulo kumalo ogona ndinalowetsa zonsezi mu pulogalamu ya pythermalcomfort:

```
pmv_ppd_iso(tdb=29, tr=33.2, vr=0.21, rh=40, met=1.2, clo=0.5)
```

PMV inatuluka +1.6. Nambala inzake, PPD, yomwe imalosera kuchuluka kwa anthu osakhutira, inali pafupifupi maperesenti 58. Chipinda chimatengedwa kuti chili bwino ngati PMV ili pakati pa -0.5 ndi +0.5, pomwe osakhutira amakhala osapitirira khumi pa 100 alionse. Ndipo ngakhale pa 0 penipeni, asanu pa 100 amadandaulabe. Anthufe ndi otero.

Mnzanga wothandiza, mnyamata wongomaliza kumene maphunziro, anali atawerengeranso payekha n'kupeza +1.1. Tinakhala pansi kufufuza. Iye sanagwiritse ntchito mpira wakuda. Pa tr, pomwe timalemba kutentha kwa zozungulira, analemba 29, kufanana ndi mpweya. Cholakwa chimenechi ndachiona kambiri, ndipo mu ofesi ya siling'i ndi makoma ochindikala sichipweteka kwenikweni. Pansi pa malata opanda siling'i chimabisa wolakwa yense. Ndinamuuza kuti asafufute, chifukwa mosadziwa anali atawerengera kalasi yomwe denga lake silikuwotcha. Osakhutira anatsika kuchoka pa 58 kufika pa 29, mpweya uli pomwepo pa madigiri 29.

Lachitatu tinafunsa eni ake. Apa m'pomwe ndinavutika kuposa pa zida. Sikelo ija inalembedwa m'Chingerezi, ndipo mawu ake sagwera bwino m'Chichewa. Ndikalemba "kufunda" pa +1, mwana amamva chinthu chokoma, ngati bulangete usiku wa mu Juni, ndiye amasankha pomwepo pofuna kunena kuti zonse zili bwino. Ndikalemba "ndili bwino" pa 0, ndasakaniza mafunso awiri, la momwe akumvera ndi la ngati akukondwa nazo. Tinakhala ndi aphunzitsi aja pa nthawi ya tiyi, iwo akuyesanso mawuwo m'Chitumbuka chifukwa ana ambiri ndicho chakwawo, mpaka tinagwirizana pa "kutentha pang'ono", "kutentha", "kutentha kwambiri", chimodzimodzi ku mbali yozizira, ndipo pakati "sindikumva kutentha kapena kuzizira". Funso lakuti akufuna kuzizire, kutenthe, kapena kukhale chomwecho tinaliika palokha.

Ulendo woyamba ndinalakwa ndekha powauza kuti akweze manja. Aliyense anayamba wayang'ana kaye kwa mtsikana wina wakutsogolo, ndipo iye atakweza, nkhalango ya manja inatsatira. Tinasintha n'kugwiritsa ntchito timapepala topanda dzina, tolembapo mzere wa desiki ndi zomwe wavala. Ndinkadikiranso mphindi 30 chilowereni m'kalasi, chifukwa mwana wochokera kothamanga sali pa 1.2 met. Zovalazo zinandidabwitsa: asanu ndi awiri mwa ana 62 anali m'majuzi masana amenewo. Juzi lopyapyala limawonjezera pafupifupi 0.25 clo, theka la yunifolomu yonse. Nditafunsa mmodzi, anati, "Sala, ndimanyamuka m'bandakucha kukuzizira, ndipo ndikavula lisowa." Amenewo tinawawerengera paokha.

Masana a Lachitatu zida zinaonetsa pafupifupi zomwe zija za dzulo lake, PMV ili chapa +1.6. Avereji ya mavoti a ana inali +0.9.

Izi sizinandidzidzimutse. Fanger anakonza njira yake ndi anthu akuluakulu okhala m'zipinda zoyesera, momwe kutentha kumagwiridwa pamalo amodzi ndi makina. M'nyumba zodalira mawindo m'madera otentha, PMV imakonda kunena kuti anthu atenthedwa kuposa momwe iwo akunenera. Thupi limazolowera nyengo, munthu amasuntha, amadzipepesa ndi kope, amamasula batani, komanso sayembekezera kuzizira kwa mu banki. Fanger yemweyo ndi Jørn Toftum anavomereza izi mu 2002 poika nambala yochepetsera PMV, ya pakati pa 0.5 ndi 1, molingana ndi zomwe anthu a kumaloko anazolowera. Ine sindiikonda kwenikweni, chifukwa woyeza amatha kusankha nambala yomwe ikumupatsa yankho lomwe wafuna kale.

Lachinayi kunatentha mowonjeza, mpweya kufika pa 30.6, ndipo pulogalamu inangolemba nan, kutanthauza kuti palibe nambala. Mnzanga wothandiza uja ankaganiza kuti laputopu yafa. Sinafe: ISO 7730 imalola PMV pa mpweya wa pakati pa madigiri 10 ndi 30 basi, ndipo pulogalamuyo imakana zopitirira pamenepo. Pali njira yoikakamiza, koma nambala yotuluka choncho sindingaisayinire.

Ndinatembenukira ku njira ina ya mu muyezo wa ASHRAE 55, yochokera pa kafukufuku wa Richard de Dear ndi Gail Brager wa mu 1998, yomwe inapangidwira nyumba zopanda makina oziziritsa, momwe anthu amatsegula mawindo okha. Iyo sifunsa za zovala. Imati kutentha komwe anthu amakhala nako bwino kumatsatira kutentha kwa panja kwa masiku apitawo:

```
t_comf = 0.31 * t_out + 17.8
```

Choyezera chomwe ahedi anandisungira panja pamthunzi kuyambira sabata yam'mbuyo chinapereka avereji ya madigiri 22. Imeneyo ndiyo t_out, ndiye t_comf, kutentha komwe anthu amakhala nako bwino, ndi 24.6, ndipo kuti anthu 80 pa 100 akhutire, chipinda chisapitirire pamenepo ndi madigiri 3.5, kutanthauza 28.1. Pamene mphepo ili yochepa, timayerekeza malire amenewa ndi avereji ya kutentha kwa mpweya ndi kwa zozungulira. Ya Lachiwiri ija inali 31.1. Choncho ngakhale njira yomvera chisoni nyumba za mawindo inati kalasiyo yadutsa malire ndi madigiri atatu. Timapepala natonso tinali titanena kale: ana omwe analemba "kutentha pang'ono", ambiri pa funso lachiwiri analemba kuti akufuna kuzizire.

Lachisanu ndinakumana ndi komiti mu ofesi ya ahedi. Sindinawauze kuti ana 58 pa 100 akuvutika, chifukwa mavoti sanagwirizane ndi nambala imeneyo. PMV ndinaigwiritsa ntchito pomwe ili ndi mphamvu, posintha chinthu chimodzi zina zili chomwecho. Mphepo itakwera kufika pa mamita 0.6 pa sekondi denga likuwotchabe, +1.6 ija imatsika kufika pa +1.3. Denga litaleka kuwotcha, imafika pa +1.1, nambala ya mnyamata uja. Ndinawachenjeza kuti siling'i siingafikitse zonse pamenepo, makamaka ngati pamwamba pake palibe potulukira mpweya wotentha, komanso kuti PMV imapeputsa ubwino wa mphepo pa thupi la thukuta, choncho mafani si opanda pake. Koma fani imadikira magetsi, ndipo ili pansi pa malata otentha imatsitsira mpweya wa kudenga pamitu pa ana.

Wapampando, bambo wachikulire, anafunsa ngati pali chomwe angachite osatulutsa khobidi. Ndinawatengera ku kalasi kuja n'kuwaonetsa mawindo anayi a mbali ya kumsewu, omwe anakhomedwa ndi misomali chifukwa zotsekera zinathyoka. Mphepo inkalowa mbali imodzi n'kusowa kotulukira, ndiye chifukwa chake inali pa 0.15. Anayitana mlonda kuti abwere ndi hamala. Ine ndinasiya zida ziwiri m'kalasimo kuti zilembe mpaka mvula itayamba, n'kupita kukakwera basi ya usiku.