Ntchito yathu yagona pa mayankho olakwika

Bizinesi yathu ndi yolemba mafunso oyeserera a malamulo a milandu yaupandu, aja osankha yankho limodzi mwa anayi. Timagulitsa mafunso 50 pa mpukutu umodzi kwa ophunzira zamalamulo. Yankho lolondola silitidyera nthawi, chifukwa lili kale m'buku la malamulo. Thukuta limatuluka pa atatu olakwikawo.

Nali funso limodzi. Bambo wina wamenyedwa mbama ndi mnzake pamsika m'mawa, anthu akuona. Wapita kwawo, wanola chikwanje, wagona, ndipo m'mawa mwake wakamupha mnzakeyo kudimba. Wapalamula mlandu wanji?

Yankho lolondola ndi lakuti wapha mwadala, malinga ndi gawo 209 la Penal Code, buku la malamulo a milandu yaupandu ku Malawi, poti mkwiyo unali ndi nthawi yozizira. Lolakwika loyamba limati mlandu utsike ukhale wa pa gawo 208, wopha popanda cholinga, chifukwa anaputidwa. Ili limakola wophunzira amene waloweza mawu akuti kuputidwa koma sanawerenge gawo 213 mpaka kumapeto. Gawolo limafuna kuti kuputako kukhale kwadzidzidzi, ndipo munthu aphe mtima usanatsike. Kunola chikwanje ndi kugona usiku wonse tinaziikamo dala, kuti khomo limeneli litsekeke.

Lachiwiri limati alibe mlandu chifukwa amadziteteza. Komatu kudimba kuja panalibe womuopseza, mbama inali ya dzulo. Lachitatu ndi lomwe timalikonda kwambiri: wapha mwadala chifukwa aliyense wopha ndi chida wapha mwadala. Mlandu ndi womwewo, chifukwa chake n'chabodza. Chida chimangothandiza kusonyeza cholinga chomwe gawo 212 likunena, ndipo munthu woputidwa mwadzidzidzi angathe kupha ndi khasu lomwe anali nalo m'manja mlandu n'kutsika ndithu.

Pofotokoza, yankho lililonse lolakwika timalipatsa ziganizo ziwiri: chimene chimakopa munthu kulisankha, ndi mawu a m'nkhanimo amene akuligwetsa. Kungolemba kuti "lolondola ndi loyamba" n'kumubera wophunzira ndalama zake.

Funso limawonongeka mosavuta. Mukachotsa usiku uja n'kungoti "patapita kanthawi", mayankho awiri amakhala olondola ndipo wophunzira wakhama ndiye amalephera. Yankho lolondola limakondanso kutalika kuposa anzake, poti wolemba amalitchinjiriza ndi mawu ambiri, ndiye timawayeza onse anayi kuti afanane. Tisanagulitse, timapereka mafunso kwa ophunzira ochepa, ndipo yankho lolakwika limene palibe walisankha timalilembanso, chifukwa silikugwira ntchito.

China ndi kukalamba kwa lamulo. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, Khoti Lalikulu linagamula kuti kukakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopha mwadala n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Wotengera funso m'manotsi akale angalembe kuti imfa ndiyo chilango chokhacho. N'chifukwa chake pansi pa funso lililonse timalembapo gawo lake ndi tsiku limene tinalifananiza komaliza ndi lamulo.