Chilembo chimodzi chinandiyalutsa pa gulupu ya ukwati

Achemwali anga akukwatiwa, ndiye pa miting'i ya komiti anthu akudandaula za mtengo wa makhadi ine ndinangoimika dzanja, amvekere "musavutike, ndikupangirani webusaiti yaulere." Anandiombera m'manja mpaka nthungululu, ine mapewa m'mwamba.

Ntchito yake si yovuta ayi. Ndinalemba tsamba limodzi, tsiku, tchalitchi, holo ndi chithunzi cha akwati. Pa GitHub, webusaiti yosungirako khodi yomwe imathanso kukuikira tsamba pa intaneti, ndinatsegula malo osungira mafayilo, ndinawasiya pa Public poti akaunti yaulere imafuna choncho kuti tsamba lituluke, kenako kutumizako mafayilo ndi lamulo la git push la pulogalamu ya Git, kulowa Settings, Pages, kusankha main ndi / (root), Save. Basi. Pa laputopu panga tsambalo linkatseguka bwinobwino, ndiye linki itangotuluka ndinaiponya pa gulupu ya WhatsApp osayamba ndaidina ndekha, nkupita kukasamba.

Pobwera ndinapeza mameseji ali mbwee. Aliyense akuona 404, uthenga woti tsambalo silikupezeka. Amalume anafunsa ngati 404 ndi ndalama yoyambira pelekanipelekani, azakhali akuti mwina ndi nambala ya nyumba, ena anayamba kale kudandaula kuti bwanji osangoti 400 nanga chenji cha 4 kwacha achipeza kuti.

Ndinawauza kuti dikirani, zimatha kutenga mphindi 10. Panadutsa ola. Ndinanamizira netiweki, ndinagula bandulo ina, palibe chinasintha. Kenako ndinawerenga tsamba la 404 lija modekha, kumeneko nkuti likunena poyera kuti likufuna index.html. Ine fayilo yanga ndinaitcha Index.html, I wamkulu, mwaulemu wake ngati dzina la munthu. Windows sasiyanitsa chilembo chachikulu ndi chaching'ono pa maina a mafayilo nchifukwa chake kwanga zinkayenda, koma seva ya kumeneko imaona ngati mafayilo awiri osadziwana nkomwe.

Ndinasintha dzinalo pa foda, ndikulemba git status, iyo nkundiyankha "nothing to commit, working tree clean". Ati palibe chasintha! Pa Windows nayenso Git amangonyalanyaza kusintha kotereku, umayenera kumuuza wekha:

```
git mv Index.html index.html
git commit -m "dzina"
git push
```

Tsamba linabwera, ndinavina pang'ono. Koma pamalo pa akwati panali kabokosi kopanda kanthu, matenda omwewo, foni inasunga chithunzi ngati akwati.JPG pomwe ine mu khodi ndinalemba akwati.jpg. Apongozi ake a achemwali anaona izi ine ndisanakonze, nkuimbira amayi kufunsa ngati banja lathu labisa nkhope ya mwana wawo dala. Amayi anandiimbira, mawu oyamba anali dzina langa lonse lathunthu, ndi la ubatizo lomwe.

Ndinakonza usiku womwewo. Tsiku la ukwati amalume anabwera ndi envelopu, mkati muli 404 kwacha ndendende, makobidi ndi omwe, anandipatsa ineyo m'manja pamaso pa anthu, akuti "ya webusaiti ija, mphwanga."