Lero ndawerengera tsiku la Pasaka wa 2027 ndi cholembera

M'mawa uno ndimalemba masiku a tchuthi m'kabuku kanga ka 2027. Khirisimasi sinandivute, imakhala pa 25 Disembala chaka chilichonse. Pa Pasaka m'pamene ndinaima, ndipo ndinaganiza zowerengera ndekha pa pepala.

Lamulo lake ndi lalifupi. Pasaka amachitika Lamulungu loyamba pambuyo pa mwezi wathunthu umene wafika pa 21 Malichi kapena kudutsa tsikulo. N'chifukwa chake sangafulumire kuposa pa 22 Malichi, ndiponso sangachedwe kupitirira pa 25 Epulo. Koma mwezi wathunthu wake si uja timauona kumwamba ayi. Ndi wowerengera, wochokera pa mfundo yakuti zaka 19 zimafanana pafupifupi ndendende ndi miyezi 235 yakumwamba. Zaka 19 zikatha, mwezi umakhalanso wathunthu pa masiku omwe aja a pakalendala.

Njira imene ndagwiritsa ntchito ndi ya Carl Friedrich Gauss, katswiri wa masamu wa ku Jeremani, amene anaifalitsa mu 1800. Pa zaka za 1900 mpaka 2099 imalembedwa motere, ndipo mod akutanthauza chotsala ukagawa:

```
a = chaka mod 19
b = chaka mod 4
c = chaka mod 7
d = (19a + 24) mod 30
e = (2b + 4c + 6d + 5) mod 7
Pasaka = 22 Malichi + d + e
```

Ndinagawa 2027 ndi 19, panatsala 13, ameneyo ndiye a. Kugawa ndi 4 panatsala 3, kugawa ndi 7 panatsala 4. Kenako 19 kuchulukitsa ndi 13 ndi 247, kuphatikizapo 24 ndi 271, ndipo ukachotsamo ma 30 onse pamatsala 1. Choncho d ndi 1, kutanthauza kuti mwezi wowerengera uja udzakhala wathunthu tsiku limodzi pambuyo pa 21 Malichi, Lolemba pa 22. Ntchito ya e ndi kutifikitsa pa Lamulungu: 6, 16, 6 ndi 5 pamodzi ndi 33, kugawa ndi 7 patsala 5. Ndiye 22 kuphatikiza 1 ndi 5 ndi 28. Pasaka wa 2027 adzakhala pa 28 Malichi.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi 19 wa mu mzere wa d. Miyezi 12 yakumwamba ili ndi masiku pafupifupi 354, kuperewera ndi masiku 11 pa chaka cha dzuwa. Ndiye chaka chilichonse mwezi wathunthu umabwerera m'mbuyo ndi masiku 11, ndipo pa kuwerenga kozungulira pa 30, kubwerera 11 n'chimodzimodzi kupita kutsogolo 19. Masiku 11 omwewa ndi amene amabweza Idi m'mbuyo chaka ndi chaka, kungoti Idi sanamangiriridwe ku Malichi, motero amazungulira nyengo zonse, ndipo m'madera ambiri tsiku lake limatsimikizika anthu akauona mwezi watsopano ndi maso.

Masana mnzanga wina ataona pepalalo anati, "Achimwene, mukudzivutitsiranji? Ingoonani tsiku limene mwezi udzakhale wathunthu, basi." Ndinamukumbutsa za 2019. Chaka chimenecho mwezi weniweni unakhala wathunthu pa 21 Malichi, ndipo munthu wodalira kumwamba akanati Pasaka ndi pa 24 Malichi. Koma mwezi wowerengera unagwera pa 20 Malichi, usanafike malire, choncho anadikira wa mu Epulo ndipo Pasaka anachitika pa 21 Epulo. Kusiyana kwa tsiku limodzi lokha kunasuntha chikondwerero ndi milungu inayi.

Madzulo ndinayesa njirayi pa zaka zimene imapunthwa. Pa 1981, d amatuluka 29 ndipo e ndi 6, zimene zikupereka 26 Epulo. Tsiku limeneli lili kunja kwa malire, ndiye ukangoliona udziwe kuti uyenera kubwerera mlungu umodzi, kufika pa 19 Epulo, tsiku limene Pasaka wa 1981 anachitikadi. Msampha wina ndi woopsa kuposa uwu chifukwa yankho lake limaoneka labwinobwino. Ngati d ndi 28, e ndi 6, ndipo a wapitirira 10, masamu amapereka 25 Epulo pomwe tsiku loona ndi 18 Epulo. Zinachitika mu 1954 ndipo zidzachitikanso mu 2049.

Pasaka atadziwika, masiku ena anangotsatira. Lachisanu Loyera ndi pa 26 Malichi, ndipo Lachitatu la Phulusa, limene limatsogola ndi masiku 46, ndi pa 10 Febuluwale. M'mphepete mwa tsamba ndalembamonso 2 Meyi, tsiku la Pasaka wa matchalitchi a Othodokisi mu 2027. Iwo amawerengera pa kalendala yakale ya Juliasi, imene panopa yatsalira ndi masiku 13, choncho 24 ndi 5 a m'masamu anga aja sagwira ntchito kwa iwo.