Matumba 600 papepala, 585 pazithunzi

Sabata ino ntchito zambiri za m'nyumba yathu yosungiramo katundu zinayenda monga mwa masiku onse, ndipo sindikhalitsapo pa izo. Lolemba tinalandira zitsulo ndi mapaipi, tinatulutsa zomwe anzathu akumalo omanga anapempha, ndipo tinayanjanitsa makhadi a katundu ndi zomwe zili m'kompyuta. Chomwe chinadya sabata yonse ndi lole imodzi ya simenti yomwe inafika Lachiwiri madzulo, nthawi yoweruka itadutsa kale, ngakhale kuti tinapempha akuluakulu kambirimbiri kuti azikana malole ofika dzuwa litalowa, popeza magetsi a pamalo otsitsira katundu anafa kalekale ndipo sikelo yathu yoyezera magalimoto sinakonzedwe mpaka lero.

Dilivale noti, chikalata cha ogulitsa chobwera ndi katundu, inanena kuti matumba ndi 600 a makilogalamu 50, osanjidwa pamapaleti 15, paleti iliyonse matumba 40. Pa nthawiyo panali kalaliki mmodzi yekha ndi woyendetsa fokolifiti, ndipo dalaivala anali kufulumira kuti abwerere usiku womwewo. Kalalikiyo, yemwe sanathe chaka pantchito, anachita zinthu ziwiri zomwe zatipulumutsa. Choyamba, asanasaine analemba pa dilivale noti kuti katundu walandiridwa koma matumba sanawerengedwe, ndipo dalaivala anasaina pansi pa mawuwo. Chachiwiri, analemba ndi choko nambala 1 mpaka 15 pamapaleti onse ali pomwepo pa lole, kenaka anajambula paleti iliyonse ikutsitsidwa, m'mbali ndi pamwamba, dalaivala akuona.

Lachitatu m'mawa ndisanafike, abwana oyang'anira zomanga analamula kuti mapaleti awiri atuluke msanga chifukwa amisiri anali kudikira simenti. Aliyense wa ife amadziwa kuti katundu amene sanawerengedwe satuluka, koma lamulo limeneli limagwira ntchito pokhapokha ngati wopempha katunduyo ndi wamng'ono kuposa wosunga makiyi. Nditawerenga zotsala ndinapeza matumba 502, ndipo mavocha otulutsira katundu anasonyeza 80. Pamodzi ndi 582, kutanthauza kuti matumba 18 sakuoneka. Chiwerengero chimenechi ndi choona m'mabuku athu, koma kwa ogulitsa sichilemera kanthu, chifukwa chinapezeka katundu atagona usiku wonse m'manja mwathu ndiponso wina atatuluka kale. Yankho lawo ndinalidziwiratu: matumbawo anasowera kwanu. Umboni wokhawo wa momwe katundu analili pa nthawi yolandira unali zithunzi zija.

Kuwerenga matumba pachithunzi si kuloza thumba lililonse lomwe likuoneka, chifukwa ambiri ali mkati ndipo kamera siwaona. Simenti ya kampani imeneyi imasanjidwa matumba asanu pamzere uliwonse, atatu moyandikana ndipo awiri mopingasa, kenaka mzere wapamwamba pake amautembenuza kuti matumba amangane ngati njerwa za khoma. Choncho ukayang'ana kutsogolo kwa paleti, mzere wina umaonetsa mitu ya matumba atatu, wotsatira umaonetsa mbali zazitali za matumba awiri, ndipo zimasinthana choncho mpaka pamwamba. Munthu wowerenga zomwe akuona ndi maso amapeza matumba 20 pa paleti yodzaza ya mizere isanu ndi itatu, theka chabe la zomwe zilipo. Choyenera kuwerenga ndi mizere kuchokera pa thabwa la paleti kukwera m'mwamba, ndipo chithunzi chojambulidwa pamwamba ndicho chimatsimikizira kuti mzere womaliza uli ndi matumba asanu komanso kuti pakati palibe mpata.

Ndinapempha kalaliki kuti asanditumizire zithunzizo pa WhatsApp monga zithunzi wamba, chifukwa zikadutsa mmenemo zimachepetsedwa ndipo tsiku ndi nthawi zomwe foni imasunga mkati mwa chithunzi zimatayika. Tinazikopera mwachindunji kuchokera mufoni kupita mukompyuta, ndipo chilichonse chinali ndi nthawi yake, kuyambira chija choonetsa nambala ya lole mpaka cha paleti yomaliza. Nambala za choko zinathandiza kwambiri. Mapaleti a simenti amafanana onse, ndipo popanda chizindikiro palibe chomwe chingaletse ogulitsa kunena kuti tinajambula paleti imodzi yoperewera katatu.

Mapaleti 11 anali ndi mizere isanu ndi itatu yodzaza, ndiye matumba 440. Mapaleti atatu, a nambala 6, 9 ndi 10, anali ndi mizere isanu ndi iwiri yokha, matumba 35 iliyonse, ndiye 105. Pa atatuwa panali chinanso chooneka bwino: pulasitiki yokulunga inali yosang'ambika, yomangika mpaka pamwamba pa mzere wachisanu ndi chiwiri, ndipo m'chithunzi cha nambala 9 paleti yoyandikana nayo ikuoneka kuti yaiposa msinkhu ndi thumba limodzi lathunthu. Vuto linali paleti ya nambala 15. Inatsitsidwa kutada, chithunzi cha m'mbali chikuonetsa mizere isanu ndi itatu, koma cha pamwamba ndi mdima wokhawokha, ndipo sungathe kunena ngati mzere womaliza uli ndi matumba asanu kapena awiri. M'nyumba mwathu paletiyo ndinaipeza ndi matumba 37, ndipo pulasitiki yake inali itatsegulidwa kale.

Apa ndi pomwe tinasiyana maganizo ndi a manejala. Iwo anafuna kuti kalata inene kuti matumba 18 sanafike, ndiponso kuti dalaivala anawagulitsa m'njira. Ndinawayankha kuti zithunzi zikutsimikizira matumba 15 okha, ndipo tikaika atatu enawo m'chiwerengero chomwecho, ogulitsa adzayambira pa chithunzi chamdima chija, adzaonetsa kuti sichikunena kanthu, kenaka adzakayikira kawerengedwe konse. Za dalaivala ndinakaniratu, chifukwa palibe chithunzi choonetsa munthu akutsitsa thumba, ndipo pulasitiki yosang'ambika ikuloza kumalo opakira katundu osati kumsewu. Ngakhale zimenezo sindinafune kuzilemba ngati chigamulo. Ntchito ya kalata yotere ndi kuika chiwerengero patebulo m'njira yoti wolandira atenge zithunzi zomwezo, awerenge yekha, ndi kufika pomwe ife tafika. A manejala anavomera monyinyirika, atandikumbutsa kuti matumba atatuwo ndidzawafotokoza ndine.

Pamutu pa kalata ndinaika nambala ya oda yathu, ya dilivale noti, ya invoisi, ya lole, ndi tsiku ndi nthawi yolandira, kuti wina asataye tsiku akufufuza kuti tikunena za ulendo uti. Thunthu lake linali lotere:

"Dilivale noti yanu ikusonyeza matumba 600 pamapaleti 15. Katunduyu anasainidwa ndi mawu akuti sanawerengedwe, ndipo dalaivala wanu anasaina pansi pa mawuwo. Paleti iliyonse inalembedwa nambala ndi kujambulidwa pa nthawi yotsitsa, dalaivala alipo. Tawerenga mizere ya paleti iliyonse pazithunzizo, potenga matumba asanu pamzere monga zithunzi za pamwamba zikuonetsera. Mapaleti 11 ali ndi mizere 8, matumba 440. Mapaleti a nambala 6, 9 ndi 10 ali ndi mizere 7, matumba 105, ndipo pulasitiki yokulunga ikuoneka yosatsegulidwa. Paleti ya nambala 15 taiwerengera matumba 40 monga mwa chikalata chanu, chifukwa chithunzi chake cha pamwamba sichikuoneka bwino. Onse pamodzi ndi matumba 585, kuperewera ndi 15. Tikupempha kuti mutitumizire matumba 15 amenewa kapena kirediti noti ya chiwerengero chomwecho, ndipo pakali pano tilipira invoisi yanu pa matumba 585."

Ndime yotsatira inanena padera, mosabisa, kuti titawerenga m'nyumba mwathu m'mawa mwake paleti ya nambala 15 inali ndi matumba 37, kuti sitikuwalipiritsa atatuwo pogwiritsa ntchito zithunzi, koma tikupempha kuti aone zolemba zawo za popakira. Ndinapemphanso tikiti ya sikelo yawo yoonetsa kulemera kwa lole isanapakidwe ndi itapakidwa. Matumba 600 ndi matani 30, ndipo matumba 15 ndi makilogalamu 750, kusiyana komwe sikelo ya magalimoto singalephere kukuona. Tikitiyo ikhoza kutitsutsa, ndipo ndinaipempha ndikudziwa zimenezo, chifukwa ikasonyeza kulemera kokwanira ndiye kuti funso lisamukira pa zomwe zinachitika pakati pa geti lawo ndi lathu, ndipo limenelo ndi la iwo ndi wonyamula katundu wawo. Sikelo yathu ikanakhala yamoyo, sindikanafunika kupempha umboni kwa munthu yemwe ndikutsutsana naye.

Zithunzi ndinaziphatikiza motsatira nambala za mapaleti, zonse, osati za oipa okha, ndipo pa makope ake ndinalemba manambala a mizere m'mbali, koma zoyambirira ndinazitumiza zosakhudzidwa. Mgwirizano wathu ndi kampaniyi umatipatsa maola 48 odandaulira za kuperewera kwa katundu, choncho kalata inayenera kutuluka Lachinayi dzuwa lisanalowe. Inakhala pa desiki la a manejala theka la tsiku kudikira siginecha, ndipo inatuluka patatsala ola limodzi.

Ntchito zina sizinaime chifukwa cha zimenezi. Lachinayi lomwelo tinalandira utoto ndi mawaya, tinabweza mapaipi osweka, ndipo kuwerenga katundu kwa kumapeto kwa mwezi komwe tinayenera kuyamba tinakukankhira sabata ya mawa, chifukwa anthu awiri sangagwire ntchito ya anthu anayi.

Lachisanu masana woyang'anira zotumiza katundu wa kampani ija anaimba foni. Sanatsutse chiwerengero cha mizere. Anafunsa ngati nambala za choko zinalembedwa katundu ali pa lole kapena atatsika, ndipo ndinamulozera chithunzi choyamba, momwe mapaleti a mbali imodzi akuoneka ali pa lole ndi nambala zawo. Anati ayang'ana tikiti ya sikelo ndi buku la opakira, ndipo ayankha molemba. Za matumba atatu aja sananenepo kanthu, ndipo m'khadi la simenti ndawalemba kuti ndi osowa omwe akufufuzidwa. Ndalemberanso akuluakulu kuwapempha kuti akonze magetsi a pamalo otsitsira katundu, ndipo pamodzi ndi pempholo ndatumiza chithunzi cha pamwamba cha paleti ya nambala 15.