Lachiwiri: tsiku la pulinta yosamva

M'mawa uno ndangofika pa ntchito, mayi amene amalemba makalata anandiitana nkhope ili gwaa. Kalata yawo ya masamba 12 inali itatulukira pa pulinta ya mitundu, ija timaisungira zithunzi chifukwa inki yake sichedwa kutha. "Achimwene, ine sindinakhudze kalikonse," anatero. Ndinawakhulupirira, ndipo ankanenadi zoona.

Dzulo madzulo iwo anasindikiza chithunzi chimodzi pa pulinta ya mitunduyo. Mu Windows 10 ndi 11 muli kabatani kolembedwa "Let Windows manage my default printer". Kakakhala koyatsa, kompyuta imatenga pulinta imene mwagwiritsa ntchito komaliza n'kuiika kukhala yoyamba kusankhidwa. Choncho chithunzi cha dzulo chija ndicho chinapatutsa kalata ya lero. Pa kompyuta yawo, ya Windows 11, ndinalowa mu Settings, kenako Bluetooth & devices, kenako Printers & scanners, n'kuzimitsa kabataniko. Nditatero ndinadina dzina la pulinta yakuda ndipo batani la "Set as default" linaonekera. Kabatani kaja kakadali koyatsa, batani limeneli silioneka n'komwe, n'chifukwa chake ambiri amalifunafuna mpaka kutopa.

Tinayesanso, koma Word inkalozabe pulinta ya mitundu. Sindinadabwe: inali yotsegula kuyambira m'mawa, ndipo imasunga pulinta imene yakhala ikugwiritsa ntchito mpaka itatsekedwa. Tinaitseka, kuitsegulanso, basi zinatheka.

Chimene chinandidyera nthawi ndi dandaulo lawo lachiwiri. Ati tsiku lililonse amasankha kusindikiza mbali zonse ziwiri za pepala, koma kukacha zimakhala zabwerera mwakale. Ndinawapempha kuti andionetse mmene amachitira. Amadina Ctrl+P ali mu Word, n'kusintha pomwepo. Apa ndi pamene panali vuto. Zimene mwasintha muli m'kati mwa pulogalamu kawirikawiri zimakhala za nthawi yomweyo, mukaitseka zapita. Zoti zikhazikike zimasinthidwa pa pulinta yeniyeniyo. Ndinabwerera pa Printers & scanners, kudina pulintayo, n'kutsegula "Printing preferences". M'menemo ndinaika pepala la A4, mbali ziwiri, komanso "Flip on long edge", kuti masamba azitembenuzika ngati buku. Mukasankha "short edge" pa kalata yoimirira, tsamba lakumbuyo limatuluka chadodolido, ndipo munthu amayamba kuganiza kuti makina awonongeka. Ndinadina Apply, kenako OK.

Izi ndi za munthu mmodzi yekha, amene walowa pa kompyutayo ndi dzina lake. Mnyamata amene amagwiritsanso ntchito kompyuta yomweyi masana sakanaziona. Za aliyense zili pena: Printer properties, Advanced, kenako "Printing Defaults". Mawindo awiriwa amafanana kwambiri moti ndinachita kuwerenganso mutu wake kuti nditsimikize kuti ndili pati. Ndinakonza monsemo.

Ndimati ndamaliza. Nditangobwera ku nkhomaliro, pulinta inali itaima, nyali ikuphethira, ikupempha pepala la Letter pomwe m'thireyi muli A4 wodzaza. Apa pulinta inalibe mlandu, Windows inalibenso mlandu. Kukula kwa pepala Word imakusunga m'chikalata chenichenicho, ndipo chikalata chimenechi chinabwera pa imelo chitakonzedwa pa Letter. A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, pomwe Letter ndi 216 ndi 279. Ndiye kuti Letter ndi lofupikirapo ndi mamilimita 18 koma lotambalalako ndi 6. Mapulinta ena saima, amangosindikiza, ndipo mumazindikira poona malo aakulu opanda kanthu kumunsi kwa tsamba. Tinalowa mu Layout, Size, n'kusankha A4. Masamba anasunthako pang'ono, motero mayiwo anayang'ananso pamene pali posainira.

Poti makalata atsopano a pa kompyutayi nawonso ankayambira pa Letter, ndinatsegula Page Setup, kuika A4 ndi kudina "Set As Default". Zimenezi zimalembedwa mu fayilo ya Normal.dotm, imene chikalata chilichonse chatsopano chimabadwirako. Zikalata zakale sizisintha nazo, chilichonse muyenera kuchikonza pachokha. Ndinawauza zimenezi kawiri, chifukwa ndikudziwa kuti mufoda mwawo muli zambiri za Letter.

Chrome ili ndi khalidwe lakelake: imakumbukira komwe munatumiza komaliza, kaya munasankha pulinta yanji mu Windows. Yawo inali pa "Save as PDF". Tinasankha pulinta yakuda pa Destination n'kusindikiza tsamba limodzi kuti iikumbukire.

Ndisanaweruke tinazimitsa kompyuta, kuiyatsanso, n'kutumiza masamba awiri kuchokera mu Word osakhudza chilichonse. Linatuluka pepala limodzi, lolembedwa mbali zonse, pa pulinta yakuda. Excel sindinaifike. Imasunga makonzedwe a tsamba pa shiti iliyonse payokha, ndipo fayilo yawo ya malipiro ili ndi mashiti 7. Ndawauza kuti asaisindikize mpaka nditafika mawa m'mawa.