Mmene ndinapezera arctan yobisala mu x² + 6x + 13

Funso linali lalifupi, mzere umodzi wokha papepala la mayeso akale limene ndinkakonzekera nalo: pezani ∫ dx/(x² + 6x + 13), kenaka muwerengere kuchokera pa x = −3 kufika pa x = −1. Ndinakhala nalo pafupifupi theka la ola, ndipo nthawi yambiri inathera pa njira ziwiri zimene sizikanatheka.

Poyamba ndinafuna kuphwanya chapansicho kuti chikhale mabulaketi awiri. Ndinasakasaka manambala awiri amene ukawachulukitsa apereke 13, ukawaphatikiza apereke 6. Kulibe. 13 amangogawika ndi 1 ndi iye mwini, ndipo kuphatikiza awiriwo kumapereka 14. Nditalephera apo ndinaganiza za ln, poti fulakishoni ikangooneka mu intigiralo dzanja limathamangira komweko. Koma ln imabwera pamene chapamwamba chili derivetivu ya chapansi. Derivetivu ya x² + 6x + 13 ndi 2x + 6, pomwe pamwamba panga panali 1 yekha. Sungachulukitse ndi x kuti zifanane. Nambala wamba ndiyo imaloledwa kulowa ndi kutuluka mu intigiralo, osati x.

Chimene chinanditsegula maso ndi kawerengedwe kakang'ono kamene tinaphunzira ku sekondale, b² − 4ac. Apa ndi 36 − 52, kutanthauza −16. Ikakhala yochepera ziro chonchi, chapansicho sichifika pa ziro paliponse, n'chifukwa chake mabulaketi ankakana. Ndipo chinthu chotero, chokhala ndi x² koma chosafika pa ziro, nthawi zonse chimalembeka ngati sikweya kuphatikiza nambala yoposa ziro. Awa ndiwo maonekedwe a arctan, pakuti derivetivu ya arctan x ndi 1/(1 + x²). Kuyambira tsiku limenelo ndimayamba ndi b² − 4ac ndisanakhudze china chilichonse.

Tsono ndinayamba kumanga sikweyayo. Ndinatenga theka la nambala imene ili pa x, theka la 6, lomwe ndi 3, n'kulemba (x + 3)². Ukalitambasula bulaketi limeneli limapereka x² + 6x + 9. Ine ndinkafuna 13, osati 9, choncho panatsala 4. Ndiye kuti x² + 6x + 13 = (x + 3)² + 4, ndipo 4 uja ndi 2². Palibe chimene chasintha pa funsolo, langovala malaya ena. Koma tsopano likufanana ndi lamulo limene lili m'mabuku:

∫ du/(a² + u²) = (1/a) arctan(u/a) + C

Apa u ndi x + 3, a ndi 2. Poti derivetivu ya x + 3 ndi 1, du ndi dx n'chimodzimodzi, palibe nambala ina yolowerera. Yankho likhala (1/2) arctan((x + 3)/2) + C.

Koma ulendo woyamba sindinalembe choncho. Ndinalemba arctan((x + 3)/2) + C, 1/2 wakutsogolo uja n'kumusiya. Ndinazindikira nditafika pa gawo lachiwiri la funso. Pa x = −1, mkati mwa arctan mumakhala 2/2, amene ndi 1, ndipo arctan 1 ndi π/4. Pa x = −3 mumakhala 0, ndipo arctan 0 ndi 0. Yankho langa linatuluka π/4, pafupifupi 0.785. Ndinaima n'kuyang'ananso fulakishoni yoyamba ija. Pa x = −3 chapansi ndi 4, choncho msinkhu wa girafu ndi 1/4, ndipo pamenepo ndi pamene yakwera kwambiri. Pa x = −1 chapansi ndi 8, msinkhu watsika kufika pa 1/8. Mtunda wa pakati pa −3 ndi −1 ndi 2. Malo a pansi pa girafu sangapose 2 kuchulukitsa ndi 1/4, amene ndi 0.5, komanso sangachepere 2 kuchulukitsa ndi 1/8, amene ndi 0.25. Nanga 0.785 wachokera kuti? Nditabwezeretsa 1/2 uja yankho linakhala π/8, pafupifupi 0.393, n'kukhala bwinobwino pakati pa malire awiriwo.

Sindinafune kungoloweza kuti 1/a amakhalapo. Ndinafuna kuona kumene amachokera, kuti ndisadzamusiyenso. Ndinaika x + 3 = 2 tan θ. Chapansi chinasanduka 4 tan²θ + 4, kutanthauza 4(tan²θ + 1), ndipo tan²θ + 1 ndi sec²θ, choncho pansi pali 4 sec²θ. Pamwamba dx anasanduka 2 sec²θ dθ. Ma sec²θ awiriwo anafafanizana, n'kutsala 2/4. Si uyo 1/2 uja! Pamwamba pamabwera a mmodzi, pansi pamakhala a², ndiye amatsala a mmodzi pansi. Chotsalacho n'chophweka: intigiralo ya (1/2) dθ ndi θ/2, ndipo θ ndi arctan((x + 3)/2). Ine ndimaona kuti aliyense ayenera kuyenda njira yaitaliyi kamodzi ndi dzanja lake, chifukwa ukaona ma sec²θ akufafanizana umamvetsa chifukwa chimene tanjenti inalowera m'nkhani imene poyamba munalibe ngodya iliyonse.

Chenjezo limodzi kwa ogwiritsa ntchito kalikuleta: ikhale pa maredyani. Ikakhala pa madigiri, arctan 1 ikupatsani 45, theka lake 22.5, ndipo nambala imeneyo ilibe ubale uliwonse ndi malo osaposa 0.5. Lamulo loti derivetivu ya arctan x ndi 1/(1 + x²) limagwira pa maredyani pokha.

Nditamaliza ndinayesa kusintha 13 kuti ndione pamene njirayi imathera. Ukaika 5, x² + 6x + 5 imakhala (x + 3)² − 4. Sikweya ilipo ndithu, koma pakati pali kuchotsera, osati kuphatikiza. Apa b² − 4ac ndi 16, mabulaketi (x + 1)(x + 5) amatheka, ndipo yankho limabwera ndi ln, arctan kulibe. Ukaika 9, imakhala (x + 3)² yokha popanda chotsala, yankho n'kukhala −1/(x + 3) + C. Mafunso atatu ooneka ngati ana a mimba imodzi, koma chimene chikuwasiyanitsa ndi nambala yotsala ukamaliza kumanga sikweya.

Sabata yotsatira ndinakumana ndi lina lokhala ndi x pamwamba: ∫ x dx/(x² + 6x + 13). Apa njira ya ln ndi ya arctan zinagwirira ntchito limodzi. Ndinalemba x ngati (1/2)(2x + 6) − 3, kuti derivetivu ya chapansi ionekere pamwamba. Chidutswa choyamba chinapereka (1/2) ln(x² + 6x + 13). Chachiwiri chinali funso langa lakale lomwe lija, longochulukitsidwa ndi −3, ndipo chinapereka −(3/2) arctan((x + 3)/2). Ndinatenga derivetivu ya yankho lonse kuti nditsimikize: pamwamba panatuluka (x + 3) − 3, amene ndi x.