Imelo ya Chingerezi, tanthauzo la Chipwitikizi

Pophunzira Chipwitikizi cha malonda ndaona kuti imelo yoopsa si yolembedwa m'Chipwitikizi, chifukwa imeneyo munthu amaifunira womasulira. Yoopsa ndi imene wogulitsa wa ku Beira kapena Tete wakulemberani m'Chingerezi koma akuganiza m'chinenero chake. Imawerengeka bwinobwino, ndipo palibe chokuchenjezani kuti simunamvane.

Tiyerekeze kuti mwaitanitsa matumba 600 a simenti, a makilogalamu 50 lililonse, omwe ndi matani 30, katundu wa thiraki imodzi. Wogulitsa akuyankha kuti: "Actual price is 450 MT per bag. We will eventually load on Friday."

Wodziwa Chingerezi amva kuti mtengo weniweni ndi 450 MT, kutanthauza mametikali a ku Mozambique, ndipo ngakhale pachedwe, katundu apakiridwa Lachisanu. Zonse ziwiri wamva molakwika. M'Chipwitikizi "actual", amene ena amalemba "atual", ndi "wa panopa". Mtengowo ndi wa lero basi. Ukafika pa 480 musanalipire, 270,000 MT imene munakonza isanduka 288,000 MT, ndipo wogulitsayo sananame. Choncho funsani "validade da proposta", kutanthauza tsiku lomaliza limene mtengowo ukugwira ntchito, ndipo tsikulo lilembedwe pa invoisi yoyambirira.

Mawu amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi "eventually". Mnzake wa m'Chipwitikizi, "eventualmente", satanthauza "potsiriza pake" ayi, koma "mwina, zikatheka". Wogulitsa wangonena kuti mwina apakira Lachisanu, sanalonjeze kanthu. Inu mwatumiza kale thiraki, dalaivala akugona m'galimoto pageti la fakitale, mwini thiraki akuwerengera ndalama za tsiku lililonse limene yaima, ndipo amene akudikira simentiyo ku Blantyre akuimba foni. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: "eventually" akakhala pamodzi ndi tsiku lenileni, monga Lachisanu, chiganizocho sichikuyenda m'Chingerezi, ndiye kuti tanthauzo lake ndi la Chipwitikizi. Musatumize galimoto mpaka atalemba "confirmado" pamodzi ndi deti ndi ola.

Vutoli limachokeranso kwa ife. Mukalemba kuti "we anticipate payment on the 20th", mukunena kuti mukuyembekeza kulipira pa 20. Wogulitsa amva "antecipar", kuchita chinthu nthawi yake isanakwane, ndipo angaganize kuti mwavomera kulipira msanga kuposa mmene munagwirizanirana. Ingolembani "we will pay on 20 March", ziganizo zazifupi, mwezi m'mawu.

Pa mfundo zitatu izi, mtengo, tsiku lopakira ndi tsiku lolipira, bwerezani zimene mwamva m'manambala, mfundo iliyonse pamzere wake, ndipo mupemphe wogulitsa ayankhe "sim" kapena "não" pa uliwonse musanatumize dipoziti.